Mafunso ndi mayankho: madesibelo a pa mikisa ndi madesibelo ofika m'khutu

Aliyense wogwira zokuzira mawu mu Lilongwe muno, kaya ndi m'tchalitchi, pa ukwati kapena pa chinkhoswe cha m'tenti ku Kawale, ku Chinsapo ngakhale ku Area 25, amakumana ndi zilembo ziwiri izi, dB, chidule cha desibelo, paliponse pamene wayang'ana. Zili pa mikisa, zili kumbuyo kwa ampu, zili pa pepala lobwera ndi sipika, zilinso pa pulogalamu ya mu foni yoyezera phokoso. Zilembozo n'zofanana, koma zimene zikuyezedwa sizofanana ayi. Pa mikisa akukamba za magetsi oyenda m'waya, pamene foni ikukamba za mpweya umene ukugunda khutu. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anyamata a zoimbira ndi akulu oyang'anira zida m'mipingo amafunsa kawirikawiri.

Kodi desibelo si muyeso wa kukula kwa phokoso basi?

Ayi. Desibelo payokha siyeza chinthu monga mmene mita imayezera utali. Imangonena kuti chinthu ichi chaposa chinzake kangati. Munthu akakuuzani kuti mtengo wakwera kawiri, simungadziwe ndalama zoti mutenge mpaka atanena kuti ndi mtengo wa mulu wa tomato kapena wa thumba la simenti, ndiponso kuti poyamba unali pati. Desibelo ili chimodzimodzi: imafuna poyambira. N'chifukwa chake akatswiri amaphatikiza kachilembo kumapeto, kulemba dBu, dBV, dBFS kapena dB SPL. Kachilemboko ndi kamene kamatiuza chinthu chimene chikuyezedwa ndi pamene pali ziro wake. Mukaona dB yopanda chophatikiza, monga pa kabatani ka GAIN, dziwani kuti ikungonena za kukweza kapena kutsitsa, osati za mlingo weniweni.

N'chifukwa chiyani sanangowerenga molunjika, 1, 2, 3? Za logarizimuzi zinabwera bwanji?

Nkhaniyi inayambira pa matelefoni a waya ku America. Mawu akamayenda m'waya wautali amafooka, koma safooka pochotsa mlingo wofanana pa mtunda uliwonse. Amafooka pogawidwa. Ngati chigawo choyamba cha waya chasiya theka la mphamvu, chachiwiri chisiya theka la thekalo, chachitatu theka la zotsalazo. Ndiye kuti munthu wowerengera waya wautali wokhala ndi zida zokuzira m'katim'kati ankayenera kuchulukitsa ndi kugawa manambala ambirimbiri pamanja. Akatswiri a kampani ya matelefoni ya Bell anakhazikitsa muyeso watsopano m'zaka za m'ma 1920, ndipo pofika 1928 unali ukutchedwa desibelo polemekeza Alexander Graham Bell.

Logarizimu ndi funso losavuta: kodi 10 tamuchulukitsa kangati kuti tifike pa nambala iyi? Pa 100 yankho ndi 2, pa 1,000 ndi 3, pa 1,000,000 ndi 6. Ubwino wake ndi wakuti kuchulukitsa kumasanduka kuphatikiza. Waya uja wosiya theka katatu, m'malo monena kuti theka la theka la theka, timangoti wachotsa 3 dB katatu, zonse pamodzi 9 dB. Mukaika chida chokuza ndi 9 dB, mwabwerera pamene munayambira. Mwana wa sitandade 3 akhoza kuwerengera zimenezi.

Chifukwa chachiwiri ndi kutalikirana kwa manambala. Kamawu kochepetsetsa kamene khutu labwino limamva kamagwedeza mpweya ndi mapasikalo 0.00002, pasikalo pokhala muyeso wa kupanikiza kwa mpweya. Phokoso loyamba kupweteka khutu lili cha pa mapasikalo 20. Apa pali kusiyana kwa maulendo miliyoni imodzi. Mita yowerenga molunjika ikanati ionetse zonsezi, kulankhula kwa anthu wamba kukanakhala pansi penipeni, singano osaoneka n'komwe kuti yasuntha. M'madesibelo mtunda wonsewo ukukwana pakati pa 0 ndi 120.

Chachitatu n'chakuti khutu lenilenilo limamva mochulukitsa. Kuchoka pa wati imodzi kufika pa mawati awiri kumamveka ngati sitepe yofanana ndi kuchoka pa mawati 100 kufika pa 200, ngakhale kuti koyambako mwawonjezera wati imodzi yokha ndipo kwachiwiriko mwawonjezera 100. Konseko ndi 3 dB. Ena amaphunzitsa ngati kuti khutu ndiye linabala desibelo, koma ine ndimaona kuti ndi masamu a waya amene anayamba, khutu linangopezeka kuti likugwirizana nawo bwino.

Ena amati kuwirikiza kawiri ndi 3 dB, ena amati ndi 6 dB. Wolondola ndani?

Onse akulondola, kungoti akuwirikiza zinthu zosiyana. Desibelo inakhazikitsidwa pa mphamvu, imene timayeza m'mawati, pamene P1 ndi mphamvu yoyambira ndipo P2 ndi mphamvu yatsopano:

```
dB = 10 × log10(P2 / P1)
```

Mukawirikiza mawati kawiri, logarizimu ya 2 ndi 0.301, kuchulukitsa ndi 10 mupeza 3 dB. Koma voliteji si mphamvu. Mukawirikiza voliteji kawiri pa sipika yomweyo, kalenti nayo imawirikiza kawiri, ndipo mphamvu, poti ndi voliteji kuchulukitsa ndi kalenti, imakwera kanayi. Tengani sipika ya maomu 8. Pa mavoliti 10 imadya mawati 12.5. Pa mavoliti 20 imadya mawati 50. Kanayi ndi 6 dB. Kuti tisamavutike kusandutsa mavoliti kukhala mawati nthawi zonse, fomula ya voliteji imalembedwa ndi 20:

```
dB = 20 × log10(V2 / V1)
```

Kugwedezeka kwa mpweya kumatsata lamulo lomweli, chifukwa mphamvu ya mawu imakwera kanayi pamene mapasikalo awirikiza kawiri. Choncho dB SPL nayo imagwiritsa ntchito 20. Chofunika kugwira apa n'chakuti palibe madesibelo aakulu ndi aang'ono. Kukweza ndi 6 dB ndi chochitika chimodzi: mavoliti kawiri, mapasikalo kawiri, mawati kanayi. Kukweza ndi 20 dB ndi mavoliti kakhumi, mawati ka 100.

Nanga dBu ndi dBV zimasiyana pati?

Zonse ziwiri zimayeza voliteji, zimangosiyana poyambira. Pa dBV, ziro ndi voliti imodzi. Pa dBu, ziro ndi mavoliti 0.775. Nambala yachilendoyi ndi cholowa cha matelefoni aja: ndi voliteji imene imapereka miliwati imodzi pa maomu 600, amene anali muyeso wa mawaya a nthawi imeneyo. Masiku ano zida zathu sizidaliranso maomu 600, koma nambalayo inakakamira. Kusiyana kwa ziwirizi sikusintha: 0 dBV ndi +2.2 dBu.

Zida za akatswiri zambiri zimapatsirana mawu pa +4 dBu, amene ndi mavoliti 1.23. Zida za m'nyumba zinazolowera −10 dBV, amene ndi mavoliti 0.316. Wothamanga amaona 4 ndi 10 n'kunena kuti kusiyana ndi 14 dB, koma poti poyambira ndi posiyana, yankho lenileni ndi pafupifupi 12 dB, kutanthauza voliteji yoposa inzake pafupifupi kanayi. Nambala yokhala ndi kamzere kochotsera kutsogolo isakuopseni. Sikuti magetsi ali mu ngongole, yangokhala pansi pa poyambira.

Ndiye dB SPL ikuyeza chiyani kwenikweni?

Ikuyeza kugwedezeka kwa mpweya pamalo amodzi, pamene pali khutu kapena maiki yoyezera. Mpweya umatipanikiza kale nthawi zonse. Pa gombe la nyanja ya mchere ndi mapasikalo oposa pang'ono 100,000, ndipo kuno ku Lilongwe, poti tili pamtunda wopitirira mamita 1,000, ndi ocheperapo. Mawu ndi kakusintha kakang'ono kokwera ndi kutsika mofulumira pamwamba pa kupanikiza kumeneko. Ziro wa dB SPL anamuika pa mapasikalo 0.00002 aja. Pasikalo imodzi ndi 94 dB SPL, ndipo kucheza kwa anthu awiri otalikirana mita imodzi kumakhala cha m'ma 60.

Kusiyana kwakukulu ndi voliteji kuli apa. Voliteji yotuluka pa mikisa imakhala yomweyo kaya mwaima kuti. Koma dB SPL ilibe tanthauzo ngati simunanene malo. Sipika imodzimodziyo, pa nthawi imodzimodziyo, ikupereka nambala ina kwa mwana amene wakhala patsogolo pake ndi nambala ina kwa agogo amene ali kumapeto kwa tenti. Pabwalo popanda makoma, mtunda ukawirikiza kawiri mlingo umatsika ndi 6 dB. M'tchalitchi cha makoma a njerwa ndi denga la malata sutsika msanga chotero, chifukwa mawu amabwerera kuchokera m'makoma n'kudzaza m'nyumbamo.

Ndipo voliteji payokha simveka. Magetsi a mavoliti 230 a pa soketi ya pakhoma, mutawalemba m'madesibelo, ndi pafupifupi +47 dBV, nambala yaikulu kuposa chilichonse chotuluka pa mikisa, koma soketiyo ili duu.

Achimwene, nyali za pa mikisa yathu zikafika pa 0, ndiye kuti m'tenti muli madesibelo angati?

Mikisa siingakuuzeni zimenezo, chifukwa siidziwa ampu imene mwalumikiza, sipika imene mwaimika, kapena pamene anthu akhala. Mutazimitsa ampu, nyalizo zipitiriza kuvina pa 0 m'tenti muli zii. Koma ngati mukudziwa zida zanu mukhoza kuwerengera, ndipo apa ndi pamene ubwino wa logarizimu umaonekera. Tiyeni titsate mawu a mtsogoleri wa mwambo pa chinkhoswe, kuchokera pakamwa pake mpaka kumpando womaliza.

Tinene kuti akulankhula mokweza, maiki ili pafupi ndi mlomo, ndipo pa maikipo pakufika 104 dB SPL. Maiki za waya zimene timagwiritsa ntchito kwambiri zimalembedwa nambala yoyandikira −54 dBV/Pa. Tanthauzo lake n'lakuti pa pasikalo imodzi, amene ndi 94 dB SPL, maikiyo imatulutsa −54 dBV, kapena kuti mamilivoliti awiri. Nambala imeneyi ndi imene ikutiwolotsa kuchoka ku mpweya kulowa m'waya. Mtsogoleri wathu waposa 94 ndi 10, choncho maiki ikutulutsa −44 dBV, mamilivoliti pafupifupi 6.

Mikisa iyenera kukweza kamagetsi kameneka kufika pa +4 dBu, amene pa mikisa yambiri ndi pamene nyali zimaonetsa 0 (ina imaika 0 wake pa 0 dBu, onani buku lake). M'chiwerengero cha dBV, +4 dBu ndi +1.8 dBV. Kuchoka pa −44 kufika pa +1.8 ndi pafupifupi 46 dB, ndipo imeneyo ndiyo ntchito ya kabatani ka GAIN. M'mawu wamba, mikisa yachulukitsa voliteji ka 200.

Kenako ampu. Tinene kuti pamene mwaika mabatani ake ikukweza ndi 26 dB, kutanthauza ka 20. Tikuphatikiza: 1.8 ndi 26 ndi 27.8 dBV, amene ndi mavoliti pafupifupi 24.6. Pa sipika ya maomu 8 amenewa ndi mawati pafupifupi 76.

Tsopano tiwolokenso kubwerera ku mpweya. Pa pepala la sipika palembedwa, mwachitsanzo, 97 dB SPL pa 2.83 V, mita imodzi. Anasankha 2.83 chifukwa ndi voliteji yopereka wati imodzi pa maomu 8, ndipo m'madesibelo ndi +9 dBV. Ife tikuipatsa 27.8, kuposa ndi 18.8. Ndiye pa mita imodzi kutsogolo kwa sipika tili ndi 97 kuphatikiza 18.8, pafupifupi 116 dB SPL. Pa mamita awiri 110, pa anayi 104, pa mamita 8 ndi 98, ndipo pa mamita 16, kumene kwakhala azimayi a kuchikazi kumapeto kwa tenti, ndi 92.

Taonani kuti ulendo wonsewu tangophatikiza ndi kuchotsa. Taonaninso kuti ziro mmodzi yemweyo wa pa mikisa wabala 116 kutsogolo ndi 92 kumbuyo. Mutasintha sipika n'kuika ya 91 dB SPL, manambala onse a m'tenti atsika ndi 6, nyali za mikisa osasintha ngakhale pang'ono. Chiwerengerochi chili ndi malire ake: sipika ikatentha waya wake wa m'kati umakaniza magetsi kwambiri ndipo imapereka madesibelo ochepa kuposa a papepala, matupi a anthu amamwa mawu, ndipo amene wakhala chammbali samva zofanana ndi amene wayang'anizana nayo. Koma ngati muyeso wanu wasiyana ndi chiwerengero ndi 10 dB kapena kuposa, pali chimene chalakwika, musanamizire mphepo.

Tasonkha ndalama kumpingo kuti tisiye ampu ya mawati 300 tigule ya 600. Mawu akula kawiri?

Sakula kawiri. Mawati owirikiza kawiri ndi 3 dB yokha, imene khutu limaimva koma ngati kusintha kochepa. Kuti anthu ambiri anene kuti tsopano zakula kawiri pamafunika pafupifupi 10 dB, ndipo 10 dB ndi mawati kakhumi: kuchoka pa 300 kufika pa 3,000, amene sipika zanu sizingapirire. Ampu yaikulu ili ndi ubwino wake, imasiya mpata kuti ng'oma ikagunda mwamphamvu mawu asang'ambike. Koma ngati dandaulo ndi lakuti akumbuyo sakumva ulaliki, ndalamazo ndikanazipititsa kwina. Sipika yoposa yanu ndi 3 dB pa wati imodzi ikupatsani zomwezo pa ampu yakaleyo. Ndipo sipika yaing'ono yoikidwa chapakati pa tchalitchi, imene yafupikitsa mtunda wa akumbuyo kuchoka pa mamita 16 kufika pa 4, ikhoza kuwapatsa mpaka 12 dB pa mawu ofika molunjika, popanda kugonthetsa akwaya amene ali kutsogolo.

Sipika ziwiri za 100 dB SPL iliyonse zikalira pamodzi, si 200?

Madesibelo a zinthu ziwiri zolira pamodzi saphatikizidwa chotero. Timaphatikiza madesibelo pamene chida china chikukweza zotuluka m'chinzake, monga tachitira ndi mikisa ndi ampu. Koma zinthu zikamalira mbali ndi mbali, zimene zikuphatikizana ndi mphamvu zake. Ngati phokoso lake n'losagwirizana, monga majenereta awiri, mphamvu yawirikiza kawiri ndipo mupeza 103. Ngati ndi sipika ziwiri za besi zogundana, zoimba chinthu chimodzi nthawi imodzi, mapasikalo ndi amene amawirikiza ndipo mukhoza kufika pa 106. Mukatembenuza waya wofiira ndi wakuda pa imodzi mwa izo, ina imakankha mpweya pamene inzake ikukoka, besi n'kuzimiririka. Chizindikiro chake n'chosavuta: mukazula sipika imodzi besi imakula m'malo mochepa.

Chinanso chotuluka m'masamu omwewa: phokoso locheperapo ndi 10 dB siliwonjezera kanthu kooneka. Jenereta ya 80 pambali pa nyimbo za 90 imangofikitsa zonse pa 90.4.

Ndikalumikiza foni kapena laputopu mawu amachepa, ndikakweza amang'ambika. Vuto lili pati?

Kawirikawiri ndi kusagwirizana kwa milingo ya voliteji. Foni ikalowa molunjika mu ampu yoyembekezera +4 dBu, imaperewera, ndipo ampu siifika pa mphamvu yake ngakhale mutapotokola mabatani mpaka kumapeto. Mbali inayo, mukailowetsa pa khomo la maiki, limene likuyembekezera mamilivoliti ochepa, mwaipatsa magetsi oposa ndi 30 kapena 40 dB, nyali ya PEAK kapena CLIP imayaka ndipo mawu amang'ambika ngakhale m'tenti simunamveke mokweza. Ichi ndicho chizindikiro chosiyanitsira: mawu ong'ambika koma aang'ono akuloza ku voliteji yosefukira koyambirira, osati ku sipika. Lowetsani pa khomo lolembedwa LINE, kwezani GAIN pang'onopang'ono mpaka nyali zizisewera cha pa 0, kenako kukula kwa mawu m'tenti mukukonzere pa ampu.

Pa laputopu mumaona muyeso winanso, dBFS. Kumeneko ziro si mlingo wogwirira ntchito koma denga lenileni la manambala a kompyuta, ndipo zonse zabwino zimakhala pansi pake. Kuthamangitsa nyimbo kuti zizigunda 0 dBFS poganiza kuti ndi ziro wa pa mikisa ndi njira yachidule yong'ambira mawu.

Pulogalamu ya mu foni ikuonetsa 95 dB. Ndiikhulupirire?

Ikhulupirireni poyerekeza malo awiri, monga kutsogolo ndi kumbuyo, koma osati pa nambala yeniyeniyo. Foni nayo siimva mpweya mwachindunji. Kamaiki kake kamasandutsa mawu kukhala voliteji, voliteji kukhala manambala, ndipo pulogalamuyo imangoganizira kuti manambalawo akufanana ndi mapasikalo angati. Mafoni amasiyana, ndipo ambiri phokoso likakula kwambiri kamaikiko kamafika pamapeto, nambala n'kuima pamodzi ngakhale mukweze bwanji. Mita yeniyeni yoyezera phokoso amaiyesa ndi kachida kotulutsa 94 dB SPL ndendende pa 1 kHz, kuti atsimikize kuti pasikalo imodzi ikuwerengedwa molondola.

Yang'ananinso ngati palembedwa dBA. Chilembo A chikutanthauza kuti muyesowo wachepetsa mawu a besi potsanzira khutu, limene silimva bwino mawu otsika akakhala aang'ono. Malire otetezera makutu amalembedwa mu dBA. Bungwe la NIOSH la ku America limalangiza kuti pa 85 dBA munthu asapitirire maola 8 pa tsiku, ndipo pa 3 dB iliyonse yowonjezera nthawiyo idulidwe pakati, poti mphamvu yawirikiza kawiri. Pa 88 ndi maola anayi, pa 91 awiri, pa 94 ola limodzi, pa 100 mphindi 15. Perekaniperekani wa pa ukwati amatenga masana onse, ndipo amene amakhala nthawi yaitali pafupi ndi masipika ndi ana ovina ndi mnyamata wa pa mikisa. Kwezani masipikawo pa mitengo yake kuti apitirire mitu ya anthu, muwalozetse chakumbuyo kwa tenti, ndipo poyeza muziimirira pamene pali munthu woyandikira kwambiri sipika, osati pamene pali mikisa.